Tochi, lenzi ndi kumbuyo kwa chithunzi: mmene fizikisi imagwirira chithunzi chosindikiza

Mu 1987, chithunzi chimodzi cha maluwa a mpendadzuwa chomwe anajambula Vincent van Gogh chinagulitsidwa ku London pa mtengo wa madola pafupifupi 40 miliyoni. Chithunzi cha maluwa omwewo, chotuluka m'makina n'kumatidwa pa nsalu, munthu atha kuchigula ndi ndalama zogulira nsapato. Mukaziimika pamodzi n'kuyang'anira patali, zimaoneka ngati mapasa. Ndiye wogula angadziwe bwanji kuti sakumupusitsa?

Yankho lake lili mu fizikisi yomwe mumaphunzira kale. Chithunzi chojambula pamanja ndi penti yowunjikana, ili ndi zitunda ndi zigwa. Chosindikiza ndi inki yopyapyala yogona pamalo osalala. Makina amakopera mtundu mosavuta, koma kukopera msinkhu wa penti ndi ukalamba wa nsalu n'kovuta. Tiyeni tiyerekeze kuti wina watibweretsera chithunzi cha mpendadzuwa cha pa nsalu, akuti "ichi n'chakale, chojambula pamanja". Tichiyesa ndi zinthu ziwiri basi: tochi ya pafoni ndi lenzi yokuza zinthu ya mulabu.

Yambani ndi kuwala kochokera m'mbali

Penti yamafuta imapangidwa posakaniza ufa wa mtundu ndi mafuta, kawirikawiri a njere za chomera cha fulakisi. Siuma ngati chovala chapachingwe chomwe madzi ake amauluka. Mafutawo amagwirizana ndi okosijeni wa mumpweya n'kulimba pang'onopang'ono. Choncho penti imatsala pomwe burashi inaisiya, ndi timizere ta ubweya wa burashiyo tili pomwepo. Van Gogh ankapaka penti yochuluka kwambiri moti pakati pa maluwa ake pamachita kutukuka.

Zimitsani magetsi kapena tsekani makatani. Gwirani tochi m'mbali mwa chithunzi, kuwala kuziyenda pafupifupi mogona ndi nsaluyo. N'chifukwa chiyani m'mbali? Taganizirani mthunzi wanu pabwalo la mpira: masana dzuwa lili paliwombo umakhala waufupi, madzulo umatalika mpaka kukuposani. Kachitunda ka penti nakonso n'chimodzimodzi. Ngati msinkhu wake ndi h, ndipo ngodya ya pakati pa kuwala ndi nsalu ndi θ, utali wa mthunzi, L, timaupeza chonchi:

```
L = h ÷ tan θ
```

Titenge kachitunda kotalika milimita imodzi. Kuwala kukabwera pa madigiri 80, pafupifupi mopenyana ndi chithunzi, mthunzi sukwana ndi mamilimita 0.2 omwe, ndipo diso siliuona. Pa madigiri 45 mthunzi ndi milimita imodzi. Mukatsitsa tochi kufika pa madigiri 10, mthunzi umafika mamilimita 5.7. Kachitunda komweko, koma tsopano kakuchita kuonekera patali.

Ndiye yendetsani tochi kuchokera kumanzere kupita kumanja kwa chithunzi. Pa chithunzi chenicheni mithunzi imatembenuka, kuthawa tochi. Pa chosindikiza, mithunzi ya zitunda inajambulidwa ndi kamera tsiku lomwe ankakopera, ndiye imangokhala pomwepo ngakhale muzungulire mbali zonse. Chomwe mungaone ndi timabokosi tofanana ta ulusi wa nsalu, kuyambira m'mphepete mpaka m'mphepete.

Pa chithunzi chathu chija tinene kuti tapeza zitunda, ndipo mithunzi ikuyenda. Tisafulumire kuwomba m'manja. Amalonda ena akasindikiza amapaka pamwamba pake vanishi wokhuthala wosaoneka mtundu, n'kumukanda ndi burashi kuti pakhale timizere. Mmene mungawagwirire ndi umu: tsatirani mzere umodzi ndi diso. Wojambula akamapanga tsamba lachikasu la duwa, burashi imayenda motsata tsambalo, ndipo chitunda chimathera pomwe chikasu chathera. Pa chithunzi chathu, mzere umodzi wayambira pa duwa, wadutsa pakhoma la kumbuyo, n'kukathera pa mtsuko, mtundu ukusintha pansi pake koma mzerewo osasintha. Burashi imodzi singatero. Apa kukayika kwayamba.

Dziwani kuti si ojambula onse ankapaka mowunjika. Ambiri akale ankasalaza penti yawo mpaka timizere osaoneka. Choncho kusalala pakokha si umboni woti n'chosindikiza. Mpofunika mayeso achiwiri.

Lenzi imaulula timadontho

Wojambula akafuna mtundu wobiriwira amasakaniza penti, ndipo mukaikuza ndi lenzi imakhalabe yobiriwira. Makina ambiri osindikizira alibe inki ya mtundu uliwonse. Amadalira inayi: yabuluu wowala, yofiirira ngati pinki, yachikasu ndi yakuda. Pofuna kubiriwira amaika timadontho tachikasu ndi tabuluu moyandikana kapena mosanjikiza. Diso lathu silitha kulekanitsa timadontho tating'ono chotero tikakhala patali pang'ono, ndiye limatiphatikiza n'kuona mtundu umodzi.

Lenzi yokuza kakhumi imathetsa chinyengo chimenechi. Yambani mwayesera pa chikuto cha buku lanu kapena kalendala kuti diso lizolowere. Muona timadontho toyalidwa m'mizere yolongosoka, nthawi zina topanga ngati timaluwa. Mapulinta opopera inki, omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri posindikiza pa nsalu, amamwaza timadontho tating'ono kwambiri mosalongosoka ngati mchenga, ndipo ena ali ndi inki zoposa zinayi. Timeneti timavuta kuona, choncho yang'anani malo owala monga khoma lachikasu chotuwira, pomwe timadontho timatalikirana.

Yang'ananinso ming'alu. Penti yakale imauma gwa, pomwe nsalu ya pansi pake imafufuma ndi kunyala malinga ndi chinyezi, ndiye pentiyo imang'ambika. Mng'alu weniweni ndi kaphompho, kali ndi kuya. Wosindikiza ndi kamzere kakuda chabe, ndipo pa lenzi nako kamasanduka timadontho. Pa chithunzi chathu, pansi pa vanishi uja, khoma lachikasu ladzaza ndi timadontho tapinki ndi tabuluu. Umboni wachiwiri ndi umenewo.

Tembenuzani chithunzi

Wonyenga amalimbikira kutsogolo, kumbuyo amaiwala. Nsalu yojambulapo imalukidwa ndi ulusi wa fulakisi kapena thonje, ndipo pakapita zaka zambiri mpweya ndi fumbi zimaidetsa n'kukhala yoderapo ngati tiyi. Koma sida mofanana. Mbali yobisika kuseri kwa matabwa imatetezeka, ndiye imakhala yowalirapo kuposa pakati. Mukasuzumira pampata wa thabwa ndi nsalu mutha kuona malirewo. Nsalu yomwe wina wainyika mu tiyi kuti ioneke yakale imada paliponse mofanana, ngakhale kuseri kwa matabwa. Nsalu zambiri zosindikizira masiku ano zimakhala zoyera mbuu, zina zosakaniza ndi poliyesitala, zosalala ngati pulasitiki.

Kenako onani m'mphepete, pomwe nsalu yapindikira pa thabwa. Dzanja la munthu silithera pamzere wowongoka: pamakhala penti yodontha, yopaka mwangozi, pena yosafika. Pulinta imathera pamzere wowongoka ngati wojambula ndi rula, kapena imapitiriza chithunzi mpaka kuseri kwa thabwa mosaphonya.

Matabwa omwe amakoka nsalu nawonso amalankhula. Pa zithunzi zambiri zakale, matabwawa salumikizidwa ndi guluu m'makona. Amangolowetsana, ndipo m'kona iliyonse mumakhala timatabwa tating'ono tosongoka mbali imodzi. Nsalu ikalefuka, amatikhoma pang'ono, matabwa n'kutalikirana, nsalu n'kukungika ngati chikopa cha ng'oma. Thabwa lakale limada, ndipo nsalu imakhomedwa m'mbali ndi timisomali tomwe nthawi zambiri timasiya dzimbiri pa ulusi. Mawaya okhoma ndi sitepula anafala cha pakati pa zaka za m'ma 1900. Ndiye chithunzi chomwe akuti n'cha 1889 chikapezeka ndi mawaya onyezimira pa thabwa loyera lonunkhira utuchi, mwini wake ali ndi mafunso oti ayankhe.

Chithunzi chathu chili ndi nsalu yoyera, malire owongoka ndi mawaya atsopano. Tikaphatikiza ndi timadontho tija ndi timizere tosatsata maluwa, mlandu watha: n'chosindikiza chopakidwa vanishi.

Pomwe mayesowa amalekezera

Kumbuyo kwa chithunzi kumanena zaka, osati yemwe anajambula. Wojambula wamoyo lero amagula nsalu yoyera ya mawaya n'kujambulapo ndi dzanja lake, ndipo chithunzicho n'chenicheni. Komanso chithunzi chakale chitha kukhala ndi kumbuyo kwatsopano. Mpendadzuwa wa Van Gogh wa mu 1889 womwe uli ku nyumba yosungira zithunzi zake ku Amsterdam ndi chitsanzo. Mu 1927 wokonza zithunzi anamata nsalu ina kumbuyo kwake pogwiritsa ntchito phula ndi utomoni kuti chilimbe. Amene angachitembenuze lero saona nsalu yomwe Van Gogh anaigwira. Kumtunda kwake kulinso kathabwa kopakidwa penti komwe kanawonjezedwa kuti maluwa apeze malo. Zinthu ngati zimenezi ndi mbiri ya chithunzi chimodzi chokhacho.

Makina nawo sakugona. Mu 2013 nyumba yomweyi, mogwirizana ndi kampani ya Fujifilm, inatulutsa makope a zithunzi zingapo za Van Gogh, kuphatikizapo mpendadzuwa, okhala ndi zitunda zotsatira burashi yake, ndipo anakopera ngakhale zomata za kumbuyo. Amawagulitsa poyera ngati makope, koma akutiphunzitsa kuti tochi payokha itha kugonja. Chinanso, munthu waluso atha kukopera chithunzi ndi penti yeniyeni pa nsalu yakale. Chotero chimapambana mayeso athu onse atatu, ndipo chimafuna akatswiri oyesa ufa wa mu penti ndi kuunika mkati ndi ekiselo.

N'chifukwa chake sitigamula ndi chizindikiro chimodzi. Timadontho ta inki paliponse ndi umboni wamphamvu woti n'chosindikiza. Zina zonsezi zimangowonjezera kapena kuchepetsa kukayika, ndipo zimafunika zigwirizane.

Mukafuna kuyesera, pakani penti yokhuthala pa kapepala kolimba ndi burashi, iume, muijambule ndi foni n'kusindikiza. Ikani ziwirizo pambali m'chipinda chamdima, tochi pa madigiri pafupifupi 10, muyeze mthunzi wautali kwambiri ndi rula. Mukachulukitsa utaliwo ndi tan 10°, yomwe ndi 0.176, mwapeza msinkhu wa penti yanu osaikhudza. Ndipo pa chithunzi cha eni ake lamulo ndi lomwelo: osakanda ndi chikhadabo, osapukuta ndi madzi kapena sipiriti. Kuwala kokha n'kokwanira.