Tsamba limodzi lonyamula lipoti lonse la tenda

Lipoti la kagulidwe ka katundu limatha kufika masamba 60, koma mkulu wa kampani amene ayenera kulisainira sakhala ndi mpata woliwerenga lonse. N'chifukwa chake pamwamba pa lipotilo pamaikidwa chidule cha tsamba limodzi. Ntchito ya tsambali ndi imodzi: kumupatsa mkuluyo zokwanira kuti avomereze, akane kapena abweze nkhaniyo ku komiti.

Chidule chabwino sichitsata ndondomeko ya lipoti. Lipoti limayamba ndi mbiri ya nkhani, kenako kulengeza tenda, kutsegula maenvulopu ndi kuunika, ndipo ganizo la komiti limabwera kumapeto. Chidule chimayambira kumapetoko. Tiyerekeze kuti kampani ikufuna majenereta anayi, ndipo makampani asanu anapikisana. Chiganizo choyamba chinganene kuti: "Komiti ikupempha kuti muvomereze kugula majenereta anayi kwa wopikisana wachitatu pa K172 miliyoni, kuphatikizapo msonkho wa VAT, pasanafike pa 30 Juni." Mkulu akangowerenga mzere umenewu wadziwa chimene akupemphedwa, ndalama zake ndi tsiku lomaliza.

Ndime yachiwiri imaika mtengowo pambali pa bajeti. Ngati kampani inapatula K180 miliyoni, chidule chinene kuti patsala K8 miliyoni. Chinenenso ngati mtengowo ukuphatikiza kunyamula, kuika majenereta pamalo ndi kuwakonza akawonongeka m'chaka choyamba. Zimenezi zikasiyidwa, mkulu amasainira mtengo wooneka wochepa, ndipo ndalama zina zimadzatulukira ntchito ili mkati.

Ndime yachitatu imayankha funso limene mkulu aliyense amafunsa: bwanji sitinatenge wotchipa? M'chitsanzo chathu wotchipa anapempha K158 miliyoni, kusiyana ndi wosankhidwa ndi K14 miliyoni. Kulemba kuti "sanakwaniritse zofunika" n'kosakwanira. Chidule chitchule chifukwa chenicheni, monga chakuti sanapereke chikalata cha bungwe la MRA chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, kapena kuti majenereta ake ndi a mphamvu yochepa poyerekeza ndi imene inalembedwa m'zikalata za tenda. Chilozenso tsamba la lipoti pamene pali umboni. Mfundoyi imalemera kwambiri m'makampani a boma, chifukwa kagulidwe kawo kamayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, ndipo wolephera ali ndi ufulu wodandaula. Mkulu wosainira asakudziwa chifukwa chimene wotchipa anagwera amasowa choyankha madandaulo akabwera.

Kenako pamabwera zimene zingasokoneze, ziwiri kapena zitatu basi, chilichonse ndi mtengo wake. Chodziwika kwambiri ku Malawi ndi ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo katundu yense wogulidwa m'madola anakwera mtengo nthawi yomweyo. Choncho chidule chinene ngati K172 miliyoni ija ndi yokhazikika m'makwacha kapena ikutsata dola. Ikakhala yotsata dola, ndipo dolayo n'kukwera ndi 10 peresenti yokha, mtengo ufika pa K189 miliyoni, kupitirira bajeti ndi K9 miliyoni.

Tsiku lomaliza lija lifotokozedwenso. Wopikisana aliyense amalonjeza kusunga mtengo wake kwa masiku owerengeka, mwachitsanzo 90. Masikuwo akatha mgwirizano usanasainidwe, kampani imayenera kuwapempha opikisanawo kuti atalikitse nthawi, ndipo iwo ali ndi ufulu wokana. Mkulu akaona kuti kuchedwa kungachititse kuti tenda iyambirenso, fayilo siigona pa tebulo pake.

Zolakwika zofala ndi zitatu. Choyamba ndi kufinya lipoti lonse m'zilembo zing'onozing'ono kuti likwane patsamba. Ngati mkulu akuchita kuyandikitsa pepala kumaso, wolemba sanasankhe zofunika. Chachiwiri ndi manambala osagwirizana, pamene chidule chikunena mtengo wopanda msonkho koma lipoti likunena wokhala ndi msonkho. Chachitatu, choipa kuposa zonse, ndi kubisa nkhani yowawa, monga yakuti membala wina wa komiti anatsutsa ganizolo kapena anaulula kuti ali pa ubale ndi wopikisana wina. Zotere zikapezeka pa tsamba 47 lokha, mkulu wasainira ali mumdima.

Chidule chimalembedwa lipoti litatha, ndipo nambala iliyonse imayerekezedwa ndi ya m'lipoti. Pomaliza chimaperekedwa kwa munthu amene sanawerengepo lipotilo kuti achiwerenge kamodzi. Akatha kunena chimene chikugulidwa, kwa yani, pa mtengo wanji, chifukwa chake ndi tsiku lomaliza, tsambalo lakonzeka kupita kwa mkulu. Akalephera chimodzi mwa izi, lilembedwenso.