Kandulo Yosatha Siipereka Umboni

Amene amagula ndi kugulitsa masheya pa misika yaikulu, monga wa ku New York, pofuna kudziwa kumene mtengo ukulowera, amajambula mizere iwiri ya avereji yoyenda ndi masiku, wina wa masiku ochepa, wina wa masiku ambiri. Ndipo mzere wa masiku ochepawo ukadutsa unzake kuchokera pansi amati nthawi yogula yakwana, koma ukaudutsa kuchokera pamwamba amati ndi nthawi yogulitsa. Richard Donchian, katswiri wa ku Amereka, anatchukitsa mizere ya masiku 5 ndi 20, pamene ambiri lero amayang'ana ya masiku 50 ndi 200.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Munthu amatenga mitengo yotsekera msika ya masiku amene wasankha, naiphatikiza, nagawa ndi chiwerengero cha masikuwo. Ndipo tsiku latsopano likalowa, lakale kwambiri limatuluka. Tiyese ndi sheya yongopeka, imene yatseka pa madola 104, 103, 100, 99 ndi 101 m'masiku asanu otsatizana. Avereji ya masiku atatu omaliza ndi 100, ya masiku onse asanu ndi 101.4, chotero mzere wa masiku ochepa uli pansi. Kuti tinene kuti mizere yadutsana, pafunika mboni ziwiri: kuti dzulo mzerewu unali pansi, ndi kuti lero uli pamwamba.

Mboni ya leroyi ndiyo imasocheretsa anthu. Pa tchati, tsiku lililonse limaoneka ngati kandulo, chizindikiro chimene chinachokera kwa amalonda a mpunga a ku Japan, chosonyeza mtengo wotsegulira, wokwera koposa, wotsika koposa ndi wotsekera. Koma msika usanatseke, chimene kompyuta imalemba pa malo a mtengo wotsekera ndi mtengo wa malonda amene angochitika kumene, umene ungasinthe kambirimbiri belu lotsekera msika lisanalire. Ndipo popeza kandulo yosathayo imafanana m'maonekedwe ndi zinzake zimene zinatha, wosachenjera amaiwerengera pamodzi nazo.

Tiyerekeze kuti pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, dzuwa lili paliwombo, sheya ija yafika pa 106. Avereji ya masiku atatu ikhala 102, ya masiku asanu 101.8, mizere yadutsana, ndipo wopupuluma agula. Koma madzulo ogulitsa achuluka, msika nutseka pa 103: avereji yoyamba yatsikira pa 101, yachiwiri ili pa 101.2, ndipo kudutsana kumene kunaoneka masana kwafufutika, kotero kuti wotsegula tchati m'mawa mwake sadzapeza ngakhale phazi lake. Malire anali pa 104.5, ndipo nthawi iliyonse imene mtengo unawoloka malirewo masanawo, chizindikiro chinkabadwa kapena kufa. Chifukwa chake n'chakuti mtengo wa lero umalemera kwambiri mu avereji ya masiku ochepa: ukakwera ndi dola imodzi, avereji ya masiku atatu imasuntha ndi 0.33, pamene ya masiku asanu imasuntha ndi 0.2 yokha. Munthu uja watsala ndi sheya yogula pa 106 imene tsopano ili pa 103, popanda lamulo lake kumuuza kuti agule. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Kandulo yosatha imazindikirika mosavuta. Deti lake ndi la lero, chiwerengero cha masheya ogulitsidwa n'chochepa poyerekeza ndi cha masiku ena, ndipo munthu akaitanitsanso mitengo patapita mphindi zingapo, nambala yomaliza imakhala itasintha. Ayeneranso kudziwa ola limene tsiku la msikawo limatha, pakuti New York imatseka 4 koloko madzulo, imene ku Malawi ndi 10 kapena 11 koloko usiku malinga ndi nyengo, ndipo pa misika yambiri ya Bitcoin, imene siigona, kandulo ya tsiku imatha pakati pa usiku pa nthawi ya UTC, ndiyo 2 koloko m'bandakucha kwathu kuno. Wolemba pulogalamu ya Python, ngati msika sunatseke, ataye mzere womaliza wa mitengo asanawerengere:

```
df = df.iloc[:-1]
```

Cholakwa chomwechi chimabisalanso poyesa njirayi pa mitengo ya zaka zapitazo. M'mabuku akale makandulo onse ndi otha, choncho zizindikiro zonama za masana sizionekamo. Ndipo woyesa amene alemba kuti anagula m'mawa wa tsiku limene mizere inadutsana wadzipatsa nzeru zimene sakanakhala nazo kufikira madzulo, nadzinyenga ndi phindu losakhalako. Choyenera ndi kuwerengera chizindikiro msika utatseka, ndi kulemba kuti kugula kunachitika pa mtengo wotsegulira wa tsiku lotsatira.

Kudikira kuli ndi mtengo wake, pakuti nthawi zina sheya imatsegula m'mawa itakwera kale. Ndiponso kandulo yotha siiteteza munthu pa msika wongozungulira pamodzimodzi, pamene mizere imadutsana mobwerezabwereza. Komabe wodikira amatsata lamulo lomwelo limene analiyesa, ndipo akaluza amatha kuloza chimene chamuluzitsa.