Fodya wonyowa ku Namwera: matenda a mlimi, nkhawa ya wogulitsa

Amene mumakweza usipa ndi kaunjika kuchokera ku Mangochi boma kupita ku Namwera mukudziwa kuti kuyambira Januwale mpaka Malichi malonda amayenda mwa ngongole. Mlimi wa fodya ndalama zake zimakhala zili m'munda ndi m'chigafa, ndipo saziona mpaka mabelo atagulidwa ku okushoni ya ku Limbe, yomwe nthawi zambiri imatsegulidwa cha m'ma Epulo. Miyezi yomweyi ndiyo yothyola fodya, ndipo ndi pamene banja limadwala matenda amene ambiri sawadziwa dzina.

Tsamba laliwisi la fodya lili ndi chikonga, chimene chimasungunuka m'madzi. Likanyowa ndi mame kapena mvula, chikongacho chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Taganizani mayi amene walowa m'munda mbandakucha, akuthyola masamba a m'munsi n'kumawapanira kukhwapa. Pofika 9 koloko malaya ali chonyowa. Madzulo mutu ukuwawa, chizungulire, nseru, kusanza, thupi lonse lefu. Sanasutepo fodya chibadwire, koma waledzera naye. Ana ndiwo amapwetekeka msanga chifukwa matupi awo ndi aang'ono. Lipoti la bungwe la Plan la mu 2009 linati mwana wogwira ntchito m'munda wa fodya m'Malawi muno angathe kumwa chikonga chofika mamiligalamu 54 pa tsiku, ngati wasuta ndudu 50.

Matendawa amafanana ndi malungo, ndiye wodwala amatuma mwana ku okala kwanu kudzagula mapiritsi. Mufunseni kaye ngati dzulo kapena m'mawa anali m'fodya wonyowa. Za chikonga zimayamba patangopita maola ochepa, ndipo zimatha pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu munthu akavula zonyowazo, kusamba ndi sopo, kupuma ndi kumwa madzi kapena Thanzi. Koma thupi likatentha, akayezetse malungo. Ngati akubanika, sakusiya kusanza, kapena m'mundamo anapoperamo mankhwala posachedwa, athamangire kuchipatala.

Masiku atatu ogona si ochepa. Tsamba lakupsa silidikira. Likapitirira limatsika giredi, ndipo banja limalemba waganyu ndi ndalama yokongola. Ngongole yanu ija imabwera kumapeto kwa mzere, kampani ya kontirakiti itadula kale za feteleza ndi mbewu.

Choncho nyengo ino odani katundu amene amateteza: magolovesi a labala, majasi a mvula, pulasitiki yoyeza pa mita yoti adulire epuloni, ndi sopo wodula tizidutswa. Pa shati ya kaunjika ya manja aatali musamunamize kasitomala. Ikanyowa imasunga chikonga pakhungu tsiku lonse, ndiye mugulitseni ziwiri zosinthira, ndipo muuzeni kuti ngati n'kotheka azilowa m'munda mame atauma.