Pulagi yakuda imadya ndalama, yoyera imadya injini

Pulagi ikada, ambiri a kabaza wa njinga zamoto amangoimasula, kuitaya, n'kugula ina. Njinga imaliradi bwino kwa masabata angapo, kenako n'kuyambiranso kutsamwa m'mawa. Vuto ndi lakuti nthawi zambiri pulagiyo ilibe mlandu. Iyo imangokhala m'kati mwa silinda momwe petulo amapsa, ndipo chilichonse chochitika m'menemo chimasiya chizindikiro pamphuno pake. Woitaya osaiyang'ana wataya mboni yomwe ikanamuuza komwe kuli matenda.

Injini ya petulo imafuna mpweya wambiri kuposa mafuta. Kuti galamu imodzi ya petulo ipse yonse, pamafunika magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya. Petulo akachuluka, wina sapsa, amasanduka mwaye. Akachepa, mpweya n'kuchuluka, injini imatentha mopyola. Pa njinga zambiri za kabaza, ntchito yosakaniza ziwirizi ndi ya kabuleta, ndipo kabuleta sadziwa kudzikonza yekha.

Poyang'ana pulagi, maso akhale pa kadothi koyera komwe kazungulira kachitsulo kapakati, kunsonga yolowa mu injini. Mazinga a m'mbali angade, zilibe kanthu. Kadothiko kakakhala kotuwa kapena kofiirira pang'ono ngati tiyi wothira mkaka wambiri, ndipo kouma, zinthu zili bwino. Kakakhala kakuda bii, ndi mwaye wouma womwe umachoka mukaupukuta ndi chala, petulo wachuluka. Koma chalacho chikatuluka ndi zonata, zonyezimira, ameneyo ndi oyilo, ndipo kabuleta musamuvutitse. Oyilo amalowa m'silinda malingi a pisitoni akatha kapena timphira ta mavalavu tikauma, ndipo kuegizozi kumatuluka utsi wabuluu. Kusiyanitsa mwaye ndi oyilo kumapulumutsa ndalama zambiri, chifukwa alipo amakaniko omwe amamasula kabuleta katatu konse pamene vuto lili pa pisitoni.

Titenge njinga ya 125cc, ya mtundu wofala uja wogwiritsa pulagi ngati NGK D8EA, yomwe imayenda misewu yafumbi m'chilimwe. Mwini wake akudandaula kuti mafuta sakukhalitsa, njinga ikulemera pokwera mtunda, ndipo nthawi zina ikutulutsa utsi wakuda. Pulagi yatuluka yakuda, youma. Munthu wodziwa sayamba ndi kabuleta. Amayamba waona tchoko, ngati sinakakamire pakati, chifukwa tchoko yosatseguka bwino imapanikiza mpweya ulendo wonse. Kenako amatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya. Fumbi la Okutobala likamatira fyulutayo, injini imakoka mpweya movutikira, ndipo kukoka kumeneko kumayamwa petulo wochuluka m'kabuleta. Fyuluta ya siponji imachapidwa, kuumitsidwa, kudonthezedwa oyilo pang'ono n'kufinyidwa. Ya pepala imangosinthidwa. Zikakhala kuti zonsezi zili bwino, m'pamene amatsegula kabuleta kuti aone ngati petulo sakusefukira m'kambale ka pansi, komanso ngati wina sanakuzeko bowo la jeti poligogomola ndi waya.

Akakonza, ayenera kuyesanso, ndipo apa m'pomwe ambiri amaphonya. Pulagi imasonyeza kwambiri momwe injini imayendera m'mphindi zomaliza isanazimitsidwe. Kabuleta ali ndi njira zingapo zoperekera petulo: injini ikamalira njinga ili chiimire, imadya kudzera m'kajeti kakang'ono, pa moto wapakatikati, amalamula ndi singano, mukapotokola moto mpaka kumapeto, imagwira ntchito ndi jeti yaikulu. Ndiye njinga yomwe yakhala ikungolira pa siteji kudikira kasitomala ingathe kudetsa pulagi pamene jeti yake yaikulu ili bwinobwino.

Kuyesa koona kumachitikira pamsewu. Injini itenthe kaye ndi pulagi yakale, kenako ikani yatsopano. Pezani msewu wowongoka, wopanda anthu ambiri, wokwera pang'ono. Yendani makilomita angapo moto uli pamalo amodzi, pomwe mukufuna kuyesapo. Ndiyeno, nthawi imodzi, gwirani kilatchi ndi kuzimitsa injini, njinga iyende yokha mpaka muime. Mukaisiya kuti ilire pang'onopang'ono musanazimitse, mwafufuta umboni. Dikirani izizireko musanamasule pulagi, chifukwa mutu wa injini ndi wa aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kuphwasuka.

Pulagi yoyera mbee ndiyo yoopsa, ngakhale ena amaikonda. Alipo omwe amatsitsa singano ya kabuleta kapena kuika jeti yaing'ono kuti lita iwafikitse patali. Mafuta amapulumukadi pang'ono. Koma petulo amathandizanso kuziziritsa m'kati mwa silinda, ndipo injini zimenezi zilibe madzi, zimadalira mphepo basi. Nsonga ya pulagi imayenera kutentha kupyola madigiri pafupifupi 450 kuti izitentha yokha mwaye, koma ikadutsa cha m'ma 800 imayamba kuyatsa petulo nthawi yake isanakwane. Zikafika apo, kadothi kaja kamayera, nthawi zina kamatuluka timatuza, zitsulo za pulagi zimadyeka, ndipo mukayang'anitsitsa padzuwa mungaone timadontho tonyezimira. Timeneto ndi tiziduswa ta pisitoni. Njinga yotere imamveka kuti ngwe-ngwe-ngwe pokwera mtunda itanyamula, imaphulitsa kuegizozi mukabweza moto, ndipo imayenda bwinoko mukakoka tchoko pang'ono ngakhale injini ili yotentha. Osapitiriza nayo ulendo. Pisitoni yobooka imadula kuposa petulo yense amene munapulumutsa.

Sikuti nthawi zonse wachepetsa mafuta ndi munthu. Mphira wolumikiza kabuleta ku injini ukang'aluka ndi dzuwa, mpweya umalowa mozemba. Zinyalala za m'petulo wa m'zigubu zimatseka jeti. Enanso amachotseratu fyuluta poti njinga ipume bwino, osadziwa kuti aisowetsa mafuta, n'kuidyetsanso mchenga.

Pali zinthu ziwiri za kuno kwathu zomwe zimasintha kawerengedwe. Choyamba, petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi etanolo wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Petulo wotere sasiya mtundu wambiri, choncho pulagi yabwinobwino imaoneka yoyererapo kusiyana ndi yomwe amakaniko akale anazolowera. Kuyera kokha, popanda matuza, kudyeka kapena kutentha kwa injini, si chifukwa chothamangira kukuza jeti. Chachiwiri ndi mtunda. Ku Dedza, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,500, mpweya ndi wopepuka, ndipo kabuleta yemweyo amapereka petulo wochulukirapo poyerekeza ndi mpweyawo. Njinga yomwe inachepetsedwa mafuta kuti ilire bwino ku Dedza ikatsikira ku Nsanje, komwe mpweya ndi wochuluka komanso kukutentha, ikhoza kuyeretsa pulagi mpaka kufika poopsa.

Onetsetsaninso kuti pulagiyo ndi ya nambala yoyenera. Pa NGK, nambala ikamakwera pulagi imataya kutentha msanga. Mukaika ya 9 pofunika ya 7 imada ngakhale kabuleta ali bwino. Mukaika ya 6 pofunika ya 8 imayera ndi kupsa. Moto wofooka wochokera ku koyilo nawonso umadetsa pulagi.

Pa galimoto zamakono, zomwe kompyuta imayeza yokha mafuta, mtundu wa pulagi imodzi sunena zambiri. Chothandiza n'kumasula zonse zinayi ndi kuzindandalika motsatira masilinda ake. Zikada zonse, kayikirani chinthu chomwe masilinda onse amagawana, monga fyuluta kapena sensa ya pa egizozi. Ikada imodzi yokha, vuto lili pa silinda yomweyo: injekita yake ikudontha, kapena koyilo yake yatopa.