Loboti siliwerenga kalendala

Lachitatu pa 2 Febuluwale 2022, msika wa masheya ku New York utatseka, sheya imodzi ya Meta, kampani ya Facebook, inali pa madola 323. Madzulo omwewo kampaniyo inatulutsa lipoti la momwe yapangira ndalama m'miyezi itatu, ndipo linali losakoma: anthu olowa pa Facebook tsiku ndi tsiku anali atachepa koyamba m'mbiri yake. M'mawa mwake msika unatsegula sheya ija ili pafupifupi madola 245, ndipo pofika madzulo inali pa 238.

Tsopano taganizani za munthu amene anasiyira loboti malonda ake. Loboti tikunena pano ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imagula ndi kugulitsa yokha potsata malamulo amene mwini wake anailembera. Tinene kuti Lachitatu lija linagula masheya 100 pa madola 323, n'kuika lamulo loti mtengo ukatsika kufika pa 310 agulitsidwe. Lamulo limeneli ochita malondawa amati sitopulosi, ndipo pa sikirini limalembedwa kuti Stop Loss. M'mutu mwa mwini wake, zikavuta kwambiri aluza madola 13 pa sheya, onse pamodzi 1,300.

Koma sitopulosi silonjeza mtengo. Chimene imachita n'kulamula kuti mtengo ukafika pamenepo kapena kupyola, katundu agulitsidwe pa mtengo umene ulipo. Usiku uja mtengo sunatsike pang'onopang'ono kudutsa pa 320, 315, 310. Mabuloka ambiri sayendetsa sitopulosi msika waukulu ukatseka, ndiye pamene unkatsegula 9:30 m'mawa, ogula anali kale pa 245. Munthu wathu uja waluza madola 78 pa sheya, onse pamodzi 7,800, kuchulukitsa ka 6 zimene anawerengera. Loboti silinalakwitse kanthu. Linatsata tchati monga linauzidwira, kungoti tchati imasonyeza zimene zachitika kale, sinena kuti lipoti lituluka madzulo ano.

Chabwino chake n'chakuti masiku oterewa amadziwika. Makampani a pa msika wa ku America amatulutsa malipoti kanayi pa chaka ndipo amalengezeratu tsiku. Chofunika kusamala ndi ola. Ena amatulutsa msika utatseka, ena usanatsegule, ndiye kampani ikati Lachinayi m'mawa, loboti liyenera kukhala litatuluka Lachitatu msika usanatseke. Makalendala a pa intaneti nthawi zina amangoyerekeza tsiku potengera chaka chatha, choncho tsiku lodalirika ndi limene kampani yalengeza yokha.

Kwa achinyamata athu amene amachita foreksi pa foni ndi pa laputopu, nkhani yaikulu ndi mabanki aakulu, makamaka Federal Reserve ya ku America. Komiti yake yoona za chiwongoladzanja imakumana ka 8 pa chaka, ndipo chigamulo chimatuluka 2:00 masana nthawi ya ku New York, kawirikawiri Lachitatu. Pa 2:30 wapampando amayamba kuyankha atolankhani. Kuno kwathu imeneyo ndi 8:00 usiku kuyambira Lamulungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamulungu loyamba la Novembala, ndipo miyezi inayo ndi 9:00 usiku, chifukwa Amereka amasuntha mawotchi awo pamene ife sitisuntha. Ola limodzi limeneli lagwetsa anthu ambiri. Munthu amalemba mu loboti kuti liziima 8:00, Novembala n'kufika, loboti n'kumapuma pa nthawi yopanda kanthu, kenaka n'kudzuka chigamulo chili pafupi kutuluka. Onjezanipo kuti wotchi ya seva ya buloka nthawi zambiri siigwirizana ndi ya pakhoma panu.

Chimachitika n'chiyani m'mphindi zimenezo? Mabanki ndi makampani amene amaika mitengo yogulira ndi yogulitsira amayamba abwerera m'mbuyo, chifukwa palibe amene afuna kugwidwa ndi mtengo wakale. Mpata wa pakati pa mitengo iwiriyi, umene amati sipuredi, umakula kangapo, moti sitopulosi yoikidwa pafupi ikhoza kugundidwa msika usanasunthe n'komwe. Kenaka mtengo umathamangira mbali imodzi chigamulo chikatuluka, ndipo si zachilendo kuuona ukubwerera kwinaku wapampando akayamba kuyankhula. Loboti lotsata kumene mtengo ukulowera limagula pamwamba, kugulitsa pansi, n'kugulanso. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi chizolowezi choimitsa loboti mphindi 15 zokha chigamulo chisanatuluke ndi 15 chitatuluka, chifukwa loboti limabwerera pa msika patangotsala mphindi 15 kuti wapampando ayambe kuyankha atolankhani. Ine ndingaliimitse 7:30 usiku n'kulibwezera 10:00 itakwana, sipuredi itabwerera mwakale, ndipo miyezi ina ija n'kusuntha zonse ndi ola limodzi.

Mawu oti kuimitsa nawonso amapusitsa. Pa MetaTrader 5 pali batani lolembedwa Algo Trading, pa MetaTrader 4 ndi AutoTrading. Mukalizimitsa, loboti silitsegulanso malonda atsopano, koma amene linatsegula kale amakhalabe pa msika, ndipo tsopano alibe wowayang'anira. Maoda amene linaika kuti adikire mtengo wakutiwakuti ali pa seva ya buloka, ndipo adzagwira ntchito ngakhale laputopu yanu ili yozima. Choopsa kwambiri ndi maloboti amene saika sitopulosi kwa buloka koma amaisunga mkati mwawo: mukazimitsa loterolo, mwachotsa chitetezo chokhacho chimene chinalipo. Kuimitsa kwenikweni kumayamba ndi kuletsa malonda atsopano, kenaka kufufuta maoda odikira, ndipo pomaliza kusankha chochita ndi malonda otsegula, kuwatseka kapena kuwachepetsa kufika pa mlingo umene mungapirire mtengo utadumpha.

Zonsezi zili ndi mtengo wake. Kutuluka ndi kulowanso n'kulipira sipuredi kawiri, ndipo tsiku lina mtengo udzadumphira mbali yanu inu muli panja. Amene ali ndi makampani 20 ali ndi malipoti 80 pa chaka oti aziwazemba. Njira yodziwira ngati loboti lanu likufunikadi kupuma ndi kutsegula mbiri ya malonda ake, kuika chizindikiro pa masiku a zilengezo, ndi kuyerekeza mtengo wa sitopulosi ndi mtengo umene malondawo anatsekeradi. Mipata ikuluikulu ikaunjikana pa masiku amenewo, yankho mwalipeza. Musadalire mayeso a pa mitengo yakale amene ogulitsa maloboti amakonda kuonetsa, poti ambiri amawerengera ngati sipuredi sisintha ndiponso ngati sitopulosi imagwira pa mtengo wake weniweni.

Kalendala ili ndi malire ake. Kuyambira Seputembala 2011 banki yaikulu ya ku Switzerland inkaletsa yuro kutsika pansi pa mafulanki 1.20, ndipo anthu ambiri anaika sitopulosi zawo pansi pang'ono pa mzere umenewo. Lachinayi pa 15 Januwale 2015, nthawi ya 10:30 m'mawa ku Zurich, bankiyo inalengeza kuti yasiya, pa tsiku limene panalibe msonkhano uliwonse pa kalendala. M'mphindi zochepa yuro inagwa kufika cha pa 0.85. Amene ankachita malonda ndi ndalama zobwereka kwa buloka anapezeka ataluza kuposa zimene anali nazo mu akaunti. Makasitomala a FXCM anatsala ndi ngongole ya madola pafupifupi 225 miliyoni ku kampaniyo, ndipo inapulumuka ndi ngongole ya 300 miliyoni kuchokera ku Leucadia. Alpari UK inagwa tsiku lotsatira. Pa tsiku ngati limenelo palibe loboti limene likanaima pa nthawi yake, ndipo chimene chinasiyanitsa otsala ndi ogwa chinali kukula kwa malonda amene aliyense anatsegula poyerekeza ndi ndalama zake zenizeni.