Ya fanta, chipepeso ndi mlamu wa a kapitawo

Chikalatacho chinali cha masamba 4 okha, ndipo bwana woona za antchito pa fakitale ina ya tiyi kum'mwera kuno ankaganiza kuti pofika Lachisanu ndikhala nditachimasulira. Chinachokera ku kampani ya ku Britain imene imagula tiyi wawo. Makampani akuluakulu amakhala ndi chikalata chotere, chofotokoza khalidwe limene akufuna kwa aliyense wowagulitsa katundu, ndipo wogulitsayo amasaina kuti azichitsata. Gawo langa linali la ziphuphu, mphatso, ndi zoyenera kuchita ntchito ikawombana ndi chibale kapena phindu la munthu mwini. Odzawerenga anali akapitawo: wa pasikelo, wa kunkhuni, wa kumashini, ndi wolemba aganyu m'dzinja masamba akachuluka. Masamba 4 aja ananditengera masabata atatu.

Ogula tiyiwo ali ndi chowaopsa kwawo. Lamulo la ziphuphu la ku Britain la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2011, limati kampani ikhoza kuimbidwa mlandu ngati munthu woichitira ntchito wapereka chiphuphu kuti iyo ipindule, ngakhale zitachitikira kunja kwa dzikolo. Podziteteza, kampaniyo iyenera kuonetsa kuti inaika njira zokwanira zopewera zimenezi, ndiye ambiri amafikitsa malamulo awo mpaka kwa owagulitsa katundu. Komatu si nkhani ya azungu okha. Lamulo lathu la 1995, limene linabala bungwe la ACB, limaletsanso ziphuphu m'makampani omwe si aboma.

Mawu akuti chiphuphu sanandivute, alipo kale ndipo aliyense amadana nawo. Vuto n'lakuti palibe amene amatchula chimene iye walandira kuti chiphuphu. Chiphuphu amalandira ndi anduna a pa wailesi. Pageti pa fakitale pamayenda ya fanta, ya sopo, kangachepe, kapena "kungothokoza". Alembi a Chingerezi ankadziwa zimenezi, choncho analemba kuti n'koletsedwa kupereka kapena kulandira chinthu chilichonse chokhala ndi phindu. Ine, pofuna kuti zimveke zaulemu, ndinalemba kuti "chinthu chilichonse chamtengo wapatali". Mnzanga wina anabweza Chichewa changacho m'Chingerezi, monga timachitira poyesa ntchito, ndipo zinaoneka zofanana ndi zoyamba. Tonse tinakhutira.

Amene anandigwira anali kapitawo wa pasikelo, tsiku loyamba kuwawerengera. Ndinawafunsa kuti dalaivala wa lole akawabweretsera nkhuku atani. Anayankha mosakayika: "Nkhuku ilibe vuto, achimwene. Mwawerenga nokha kuti zamtengo wapatali. Apa akunena za galimoto kapena malata a nyumba." Sanalakwe. M'Chichewa chamtengo wapatali ndi chinthu chodula kwambiri, pomwe Chingerezi chija chinkatanthauza chilichonse, ngakhale chochepetsetsa. Lamulo lotseka khomo ndinalisandutsa lotsegula. Tinakonza motere: "Musapemphe, musalandire ndiponso musavomere lonjezo la chinthu chilichonse chimene inu kapena munthu wina angapindule nacho, kaya ndi ndalama, mayunitsi a foni, nkhuku, ngongole kapena malo a ntchito, kuti muchitire munthu zomukomera pa ntchito yanu." Zitsanzozo munalibe m'Chingerezi. Womasulira saloledwa kungowonjezera za m'mutu mwake m'chikalata chimene anthu adzachotsedwe nacho ntchito, ndiye ndinazitumiza kaye kwa eni ake, iwo n'kuvomera.

Panalinso ndime ya tindalama timene munthu amapatsa wa muofesi ya boma kuti pepala loyenera kale lituluke msanga. Apa mayiko amasiyana. Lamulo la ku Amereka la 1977 limasiya kampata ka ndalama zotere, la ku Britain silisiya. Womasulira ayenera kudziwa kumene chikalata chake chayima asanasankhe pakati pa "musapereke" ndi "pewani kupereka", pakuti kupewa ndi uphungu chabe, munthu akhoza kuutsata kapena ayi. Chathu chinali choletseratu, ndipo ndinalemba dzina lake lenileni, ndalama yofulumizitsa pepala.

Ndime ya mphatso ndiyo inabweretsa phokoso. Inkalola mphatso yosapitirira madola 50, bola ilembedwe m'kaundula. Kwa wolemba wa ku Britain imeneyi ndi ndalama ya cholembera chabwino ndi kalendala. Kwa kapitawo ndi gawo lalikulu la malipiro a pamwezi, ndalama yokwana kumutembenuza mtima. Ndipo madola ukawasandutsa makwacha papepala, nambalayo imakalamba. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, madola 50 anachoka pa K59,000 n'kufika pa K85,000 tsiku limodzi. Ndinapempha fakitaleyo kuti iike malire akeake m'makwacha, otsika kuposa a ogulawo, pa pepala lapadera lokhala ndi deti, lomwe angathe kulisintha osagwira chikalata chonse. Kutsitsa malire n'kololedwa, popeza wokhwimitsa lamulo sanaliphwanye. Kukweza ndiye ayi.

Koma funso lenileni linachokera kwa mayi wina woyang'anira kolongedza. "Nanga chipepeso? Amayi anga atamwalira, bambo otigulitsa matumba aja anabwera pasiwa, anaponya ndalama m'mbale ngati wina aliyense. Ndikanawabwezera?" M'chipindamo munati zii. Chikalata cha Chingerezi sichinkadziwa za maliro athu, kumene kusabwera n'kulakwa, kukana chipepeso n'kutukwana. Sichinkadziwanso za pelekanipelekani pa ukwati. Ndipo mawu akuti mphatso m'Chichewa sakwirira chipepeso. Ndikanasiya choncho, aliyense akanamva kuti za pamaliro sizikukhudzidwa, ndipo wofuna kugula kapitawo akanangodikira tsoka limugwere.

Sindikhulupirira kuti mwambo ndi chiphuphu, koma akuluakulu amene anati kupatsa n'kuika ankadziwa kuti dzanja lolandira limakumbukira. Kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Chipepeso chenicheni chimaperekedwa pagulu, amfumu kapena mwinimbumba n'kuchilengeza, ndipo chimafanana ndi cha anthu ena. Envulopu yonenepa yoperekedwa kuseri kwa nkhokwe, kontrakiti ya matumba ikutha mwezi wamawa, ndi nkhani ina. Eni chikalata anavomera chiganizo chimodzi chowonjezera: chipepeso kapena mphatso ya paukwati yoperekedwa poyera mwa mwambo siikanidwa, koma ikachokera kwa wogulitsa katundu ku fakitale, kapitawo akailembetse m'kaundula akabwerera kuntchito.

Gawo lomaliza lilibe ngakhale dzina m'Chichewa. Chingerezi chimangotchula ndi mawu atatu mkhalidwe woti munthu ali ndi mphamvu yogamula chinthu pa ntchito, pomwe iye mwini kapena wake ali ndi phindu pa chigamulocho. Ena amamasulira kuti "kusemphana zofuna", koma kapitawo akamva zimenezo amaganiza za anthu awiri okangana. "Kukondera" nakonso sikukwana, chifukwa wokondera walakwa kale, pamene apa munthu angakhale woongoka bwinobwino, kungoti wakhala pampando woyesa mtima. Ndinasiya kusaka dzina. Mutu wa ndimeyo unangokhala chiganizo: "Pamene ntchito yanu ikukhudza m'bale wanu, mnzanu kapena bizinesi yanu."

Ndiye m'bale ndani? Chingerezi chinatchula banja lapafupi, kutanthauza mkazi kapena mwamuna, ana, makolo, ndi obadwa nawo bere limodzi. Kuno kum'mwera, kumene ambiri amatsata mbumba ya kuchikazi, malume ali ndi udindo pa ana a mlongo wawo woposa umene mndandanda uja ungaganizire. Muphwa, msuweni, mlamu, apongozi, onsewa anali kunja kwa chikalata koma ali m'kati mwa moyo wa kapitawo. Kungolemba kuti "abale" n'kusefukiranso mbali ina, poti pa fakitale yozunguliridwa ndi midzi, theka la antchito ndi pachibale. Tinawatchula mmodzimmodzi, n'kumaliza ndi mawu akuti "ndi wina aliyense amene mumamuthandiza kapena amakuthandizani pa ndalama".

Nkhani ya nkhuni ndiyo inationetsa ngati ndimeyo ikugwira. Fakitale ya tiyi imadya nkhuni za bulugamu zambiri poumitsa masamba, ndipo zina imagula kwa anthu apadera. Kapitawo wa kunkhuni ndiye amayeza mulu uliwonse, kuona ngati nkhunizo n'zouma, n'kusaina pepala limene wogulitsa amakalandirira ndalama. Tiyerekeze kuti mwini lole ina ndi mlamu wake. Mulu wa mamita 18 akaulemba 20, fakitale yalipira nkhuni za mamita awiri zomwe kulibe, ndipo maulendo 30 pamwezi ndi mamita 60. Koma ngakhale atayeza molungama, mnzake wa lole ina akabwezedwa chifukwa cha nkhuni zaziwisi adzati wabwezedwa chifukwa si mlamu. Chikalata sichikuti mlamuyo asiye kugulitsa, sichikutinso kapitawo achotsedwe. Chikuti adziwitse bwana wake molemba, ndipo lole ya mlamuyo ikafika ayeze ndi kusaina munthu wina.

Pamenepa ndinali nditalakwitsanso liwu limodzi. Ndinalemba kuti kapitawo "aulule" za chibalecho. Amaulula ndi wakuba kapena mfiti. Akapitawo atatu mwa asanu ndi mmodzi amene ndinawafunsa payekhapayekha anamva kuti wokhala ndi m'bale pakati pa ogulitsa wapalamula kale, ndiye wanzeru angokhala chete. Ndimeyo ikanabala chinsinsi chomwe inabwera kudzathetsa. Ndinasintha kukhala "adziwitse", n'kuwonjezera kuti kukhala ndi m'bale wotere si mlandu, mlandu ndi kubisa.

Kuyesa kotereku sikufuna zambiri. Sufunsa munthu kuti "mwamva?" chifukwa pamaso pa mlendo wochokera kuofesi aliyense amati wamva. Umamuwerengera ndime mokweza, bwana wake palibe, n'kumupatsa nkhani: waganyu wakupatsani K5,000 kuti dzina lake lilowe pa mndandanda, mutani? Mayankho akasiyana, wolakwa ndi pepala. Tinabwereza kawiri, ulendo wachiwiri ndi akapitawo ena amene sanamveko zoyambazo.

Pa ulendo wachiwiriwo bambo wina wachikulire wa kumashini anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pabondo. Kenako anafunsa ngati fomu yodziwitsira ija ilinso m'Chichewa, poti mwana wa mlongo wawo anali atangolembedwa kumene m'chigawo chawo chomwe. Fomuyo inali isanamasuliridwe, ndipo palibe amene anaikumbukira popanga mgwirizano wa ntchito yanga. Ndinaimasulira madzulo omwewo, mizere 7, pa tebulo la mlonda wa pageti.