Kodi lamulo limakhala lamulo chifukwa chiyani?

Munthu wa mfuti akakuimitsani usiku n'kukuuzani kuti mupereke ndalama, mumapereka. Wokhometsa msonkho akakulemberani kalata, mumaperekanso. Onse awiri akulamula, onse awiri ali ndi chokuopsezerani, koma palibe amene anganene kuti mawu a chigawenga ndi lamulo. Kusiyana kwake kuli pati? Katswiri wina wa ku Mangalande, John Austin, anaphunzitsa mu 1832 kuti lamulo ndi mawu a wolamulira wamkulu amene anthu anazolowera kumumvera, mawu okhala ndi chilango kumbuyo kwake. Maganizowa anakhazikika kwa zaka zoposa 100, mpaka H. L. A. Hart, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Oxford, anawagwetsa mu 1961 m'buku lake lotchedwa The Concept of Law. Iye anati ngati Austin akunena zoona, ndiye kuti boma ndi chigawenga chomwe chija, kungoti chakula thupi.

Hart anayamba n'kuonetsa kuti malamulo ambiri saopseza munthu ngakhale pang'ono. Ku Mangalande, lamulo la 1837 lokhudza mawilo limati munthu wofuna kugawa chuma chake cha masiye alembe, asainire, ndipo mboni ziwiri zikhalepo nthawi imodzi. Mukapanda kutero palibe wapolisi angabwere kwanu. Chimene chimachitika n'chakuti pepala lanulo silikhala wilo, basi. Lamulo lotere limapatsa munthu mphamvu yochitira chinthu, silimukakamiza. Apa m'pamene Hart anagawa malamulo pawiri. Malamulo oyambirira ndi amene amauza munthu zoyenera kuchita ndi zosayenera: usaphe, usabe, bweza ngongole. Malamulo achiwiri sanena za kuba kapena kupha, amanena za malamulo anzawowo: tingawadziwe bwanji, angawasinthe ndani, ndipo ndani angagamule kuti athyoledwa.

Tiyerekeze anthu ochepa okhala pa chilumba, odziwana onse, okhala ndi malamulo oyambirira okhaokha. Hart anati anthu otere angakumane ndi mavuto atatu. Awiri akatsutsana ngati kudula mtengo wa m'malire n'koletsedwa, palibe kolowera kukafunsa, poti palibe buku kapena munthu amene mawu ake ndi otsiriza. Mvula ikasintha ndipo lamulo lakale la kagawidwe ka madimba likasiya kuthandiza, palibe njira yolisinthira lero, kungodikira kuti mwambo ufote wokha pakapita mibadwo. Ndipo wina akalakwira mnzake, palibe woweruza, kotero mlandu umatha ndi kubwezerana. Mankhwala a vuto lachiwiri ndi malamulo a kasinthidwe, onena amene angapange lamulo latsopano kapena kufafaniza lakale. Mankhwala a vuto lachitatu ndi malamulo a kaweruzidwe, amene amakhazikitsa oweruza ndi mabwalo awo. Mankhwala a vuto loyamba ndiwo mutu wa nkhani yonse: lamulo lozindikirira malamulo. Malamulo oyambirira akalumikizana ndi achiwiriwa, atero Hart, pamenepo pabadwa dongosolo la malamulo. Ndinenepo apa kuti chilumbachi n'chongoganizira. Amene amafanizira midzi ya makolo athu ndi anthu a pa chilumbawa amalakwitsa, chifukwa bwalo la amfumu linali ndi oweruza odziwika, njira yosumira, ndi kokadandaula ngati chigamulo sichinakukomere. Amenewo ndi malamulo achiwiri ndithu, ngakhale sanalembedwe.

Lamulo lozindikirira ndi muyeso umene majaji ndi akuluakulu ena a boma amagwiritsa ntchito posiyanitsa lamulo lenileni ndi mawu wamba. Mukafunsa chifukwa chimene chindapusa cha khonsolo chili chovomerezeka, akulozerani lamulo laling'ono la khonsoloyo. Lamulolo mphamvu yake ichokera ku lamulo limene nyumba ya malamulo inapanga. Nyumbayo mphamvu yake ichokera m'malamulo oyendetsera dziko. Nanga malamulo oyendetsera dzikowo akuvomereza ndani? Apa makwerero atha. Palibe lamulo lina pamwamba. Chatsala n'chimene anthu amachita: majaji, aphungu, apolisi ndi ogwira ntchito m'boma amatenga chikalatacho ngati muyeso wawo, amachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo amadzudzula mnzawo akapatuka. Hart anati ku Mangalande muyesowo, mwachidule, ndi wakuti chimene Mfumukazi yakhazikitsa pamodzi ndi nyumba ya malamulo ndicho lamulo. Anati kufunsa ngati muyeso wotsirizawu uli wovomerezeka kuli ngati kufunsa ngati chitsulo chija ankasunga ku France monga muyeso wa mita chinalidi chotalika mita imodzi.

Zimenezi zimamveka ngati za m'kalasi mpaka tsiku limene akuluakulu a dziko agawanika pa muyesowo. Zinachitika ku Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, kumene Amalawi ambiri ankagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu nthawi imeneyo.

Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith ndi nduna zake analengeza kuti dzikolo ladziimira palokha, popanda chilolezo cha Britain, ndipo anatulutsa malamulo awoawo oyendetsera dziko m'malo mwa a 1961. Bwanamkubwa Humphrey Gibbs anawachotsa pa maudindo, koma iwo sanasunthe. Masiku ochepa pambuyo pake nyumba ya malamulo ya ku London inapanga lamulo lotsimikiza kuti Rhodesia idakali pansi pa Mfumukazi, ndipo boma la Britain linalamula kuti chilichonse chimene nyumba ya malamulo ya ku Salisbury ingapange chikhale chopanda mphamvu. Majaji anapemphedwa kupitiriza ntchito yawo. Tsono dziko limodzi linali ndi zikalata ziwiri, chilichonse chikudzitcha chachikulu.

Daniel Madzimbamuto, womenyera ufulu wa anthu akuda, anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu masiku ochepa Smith asanalengeze zake zija. Anamutsekera pansi pa malamulo a nthawi ya chipwirikiti, amene malinga ndi chikalata cha 1961 ankayenera kutha pakapita miyezi itatu pokhapokha atawonjezeredwa mwa njira yovomerezeka. Miyeziyo inatha mu Febuluwale 1966, ndipo amene anaiwonjezera anali boma ndi nyumba ya malamulo ya Smith. Mkazi wake, Stella, anasumira nduna ya za chilungamo, Desmond Lardner-Burke. Mfundo yake inali yolunjika: boma loukira silingapange lamulo, choncho palibe lamulo lililonse limene likusunga mwamuna wanga m'ndende.

Kuti ayankhe Stella, majaji anayenera kuyamba adziyankha okha kuti muyeso wawo ndi uti. Poyamba anayesa kuima pakati. Mu 1966 khoti lalikulu linati boma la Smith si lovomerezeka, komabe zina zimene likuchita zilemekezedwe kuti dziko lisagwe m'chisokonezo. Mu Januwale 1968 khoti la apilo, motsogozedwa ndi jaji wamkulu Hugh Beadle, linasendera pafupi ndi Smith ponena kuti ndiye akulamuliradi dzikolo. Mu Malichi chaka chomwecho amuna atatu akuda ananyongedwa ku Salisbury ngakhale Mfumukazi inali itawachotsera chilango cha imfa, makhoti atakana kuletsa. Jaji John Fieldsend anatula pansi udindo. Mu Julayi bwalo la ku London lotchedwa Privy Council, limene linali khoti lotsiriza la apilo pansi pa chikalata cha 1961, linagamula mokomera Stella: malamulo a Smith ndi opanda mphamvu, ndipo kutsekera Daniel n'kosaloledwa. Majaji a ku Salisbury anakana kutsatira chigamulocho. Jaji Dendy Young nayenso anatula pansi udindo, otsalawo anakhala, ndipo mu Seputembala 1968, pa mlandu wa Ndhlovu, khoti la apilo linanena poyera kuti boma la Smith ndi chikalata chake cha 1965 ndizo zovomerezeka. Daniel anakhalabe m'ndende zaka zina zingapo, mkazi wake atapambana mlandu.

Taonani kuti m'zaka zitatu zonsezi malamulo oyambirira ambiri sanasinthe. Kuba kunali mlandu mu 1964 ndipo kunali mlandu mu 1969. Chikalata cha 1961 sichinafafanizidwe mwa njira imene icho chomwe chinkalola. Chinasintha ndi muyeso umene majaji, apolisi ndi oyang'anira ndende ankatsatira. Kwa jaji wa ku London lamulo linali lina, kwa jaji wa ku Salisbury lina, ndipo palibe lamulo lachitatu limene likanawagamula. Dongosolo limene linali limodzi linang'ambika pawiri. Umu ndi mmene mungadziwire muyeso weniweni wa dziko: musangowerenga chikalata, onani chimene mwini makiyi a ndende amachita akalandira zigamulo ziwiri zotsutsana.

Mlanduwu ukuonetsanso mbali yowawa ya chiphunzitso cha Hart. Iye anati kuti dongosolo la malamulo likhalepo pafunika zinthu ziwiri zokha: anthu ambiri azimvera malamulo oyambirira, kaya mokondwa kaya mwamantha, ndipo akuluakulu a boma azivomereza malamulo achiwiri ngati muyeso wawo wa onse. Anthu akuda a ku Rhodesia, amene anali ochuluka kwambiri, sanafunsidwe. Hart sanabise kuti dongosolo lotere lingakhale loipa kotheratu n'kumatchedwabe malamulo. Ena amamuda nazo zimenezi. Ine ndimaona kuti ananena zoona, ndipo zoona zothandiza: kunena kuti chinthu ndi lamulo sikutanthauza kuti n'cholungama, kapena kuti muyenera kuchimvera. Pali ena, monga Ronald Dworkin amene analowa m'malo mwake ku Oxford, amene anati muyeso wotere sukwanira, chifukwa pa milandu yovuta majaji amadaliranso mfundo za chilungamo zimene palibe nyumba ya malamulo inazikhazikitsa. Mkangano umenewo udakalipo, koma sufafaniza zimene zinaoneka ku Salisbury.

Kuno ku Malawi, gawo 5 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limati lamulo kapena mchitidwe wa boma wotsutsana ndi chikalatacho ndi wopanda mphamvu. Mawuwo ndi abwino, koma paokha sangadziteteze. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nawo mu Meyi, ndipo chisankho chatsopano chinachitika pa 23 Juni. Chigamulocho chinagwira ntchito chifukwa ogwira ntchito za chisankho, asilikali, apolisi ndi aphungu pamapeto pake anachita monga mwa muyeso umodzi ndi makhoti, pamene ku Rhodesia chigamulo cha Stella chinathera pa pepala. Choncho inu amene muli kalaliki wa khoti, wapolisi, woyang'anira ndende kapena mlembi mu ofesi ya boma, dziwani kuti tsiku limene mudzalandire malangizo awiri otsutsana, amene mudzawatsatirewo ndiwo adzathandize kugamula chimene chili lamulo m'dziko muno.